Thumba Limodzi la Ufa Limanyamulidwa Kangati?

M'nyumba yosungiramo katundu, tsiku limene anthu atuluka thukuta kwambiri ndi limene onse amati ntchito yayenda. Ine ndinagwirako ukalaliki wa katundu m'shedi ina yaikulu kumadzulo kwa Lusaka, cha ku Chinika, ndipo kumeneko ndinaona kuti thukuta ndi mboni yosadalirika. Shediyo inkalandira ufa, shuga, mafuta ophikira, mchere ndi sopo pa mathiraki akuluakulu, n'kumazigawa pa makanta kupita ku mashopu ndi tuntemba ta ku Kanyama, Matero, George, Chawama, mpaka kutsidya la tauni ku Kalingalinga ndi Mtendere. Onyamula katundu ambiri ankachokera m'makomboni omwewo. Ankafika mbandakucha, ena wapansi kuchokera ku Kanyama, n'kuweruka dzuwa litalowa, misana itauma. Koma mukanatsatira thumba limodzi la ufa kuyambira pamene lalowa pageti mpaka pamene latuluka, mukanapeza kuti nthawi yake yambiri lagona chabe, ndipo pa maulendo amene lanyamulidwa, ambiri sanalifikitse pafupi ndi munthu wolifuna.

Maganizo otsatira katundu m'malo moyang'ana anthu si anga. Anachokera ku fakitale ya magalimoto ya Toyota ku Japan, kwa injiniya wina dzina lake Taiichi Ohno, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1912 mpaka 1990, ndipo analemba buku lofotokoza kagwiridwe ka ntchito ka kampaniyo mu 1978. Iye ankati ntchito iliyonse imene wogula sangavomere kuilipira ndi kuwononga, ndipo anagawa kuwonongako m'mitundu isanu ndi iwiri: kupanga zinthu zambiri kapena msanga kuposa mmene zikufunikira, kudikira, kusuntha katundu popanda chifukwa, kugwira ntchito yopitirira muyeso, kuunjika katundu, kuyendayenda kwa wantchito kopanda phindu, ndi zolakwika zofuna kubwereza. Ofufuza a ku America ndi amene anadzaitcha njirayi kuti lini chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kuno ku Zambia ambiri anaimva kudzera m'maphunziro a kaizeni, amene bungwe la Kaizen Institute of Zambia linayamba kuphunzitsa mothandizidwa ndi bungwe la boma la Japan la JICA. Kuloweza mayina asanu ndi awiriwa n'kosavuta. Chovuta n'kuwazindikira pamene mwaima pakhomo la shedi, fokolifiti ikulira, madalaivala akuimba mahutala, aliyense akuthamanga, chifukwa pamenepo zonse zimaoneka ngati ntchito.

Malo abwino oyambira ndi buku la mlonda wa pageti. Buku limeneli anthu salilemekeza, koma ndi lokhalo limene limalemba nthawi popanda kukometsa. Tsiku lina ndinatsatira thiraki ya matani 30 ya ufa wa bulekifasiti, matumba 1,200 a makilogalamu 25. Mlonda analemba kuti yalowa 07:10 ndipo yatuluka 14:40. Imeneyo ndi mphindi 450. Funso langa linali loti pa mphindi zimenezi, ndi zingati zimene thumba linali kuyenda kuchoka pathiraki kulowa m'shedi.

Shedi yathu inali ndi khomo limodzi lalikulu, lolowera ndi lotulukira lomwelo. Kuyambira 07:10 mpaka 09:30 khomolo linali la makanta opita kumakomboni, ndiye thiraki inaima pabwalo, dalaivala atagona m'kabini. Makanta atachoka, zinapezeka kuti malo a ufa muli shuga amene anafika dzulo lake n'kusowa pokhala. Kuchotsa shugayo kunatenga mphindi 45. Kutsitsa kwenikweni kunayamba 10:15 n'kutha 12:45. Kenako chiwerengero changa ndi cha dalaivala chinasiyana ndi matumba anayi, ndipo tinagwetsa mulu wina n'kuwerenganso, kwinaku woyenera kusaina atapita kukadya nsima. Zimenezi zinatifikitsa 14:00. Mphindi 40 zomaliza zinathera pa mapepala ndi zidindo. Choncho pa mphindi 450, zotsitsa katundu zinali 150 zokha, gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsalazo thiraki inali kudikira, ndipo mwini thiraki sadikira mwaulere. Mtengo wa maola amenewo amauika m'mtengo wa ulendo wotsatira, mpaka umakafika kwa mayi wogula pamela wa ufa madzulo ku Chawama.

Kudikira kumabisala chifukwa wodikira ndi wotanganidwa amakhala anthu osiyana. M'mawa wonsewo ife m'kati tinali kalikiliki, ndiye palibe amene akanavomera kuti pali kudikira. Amene ankadikira ndi thiraki, ndi ufa, ndi anyamata asanu ndi atatu a ganyu amene anakhala pamthunzi wa mpanda kuyambira m'mawa, osalipidwa kanthu kufikira atagwira thumba loyamba.

Ngakhale mphindi 150 zija sizinali zoyera zonse. Malo a ufa anali kumapeto kwa shedi, mamita 40 kuchokera pakhomo, ndipo fokolifiti imodzi imene tinali nayo inali yotanganidwa ndi zigubu za mafuta. Munthu aliyense anali ndi matumba 150, ndipo ponyamula matumba awiriawiri anayenda maulendo 75. Ulendo uliwonse, kupita ndi kubwera, ndi mamita 80. Mukachulukitsa mupeza makilomita 6 pa munthu mmodzi, theka lake ali ndi makilogalamu 50 paphewa. Chimene chinkandiwawa n'chakuti ufa ndiwo unkatuluka tsiku lililonse, pa kanta iliyonse. Pafupi ndi khomo panali makatoni a makandulo ndi mankhwala ochapira amene ankatuluka mwa apo ndi apo. Palibe amene anasankha kuti zikhale choncho. Makatoniwo anafika tsiku lina pamene pakhomo panali malo, n'kukhazikika pomwepo. Ndipo mamita 40 amenewo ufa unkawayenda kawiri, polowa ndi potuluka.

Apa pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Katundu akamasunthidwa popanda kuyandikira kwa wogula, kumeneko ndi kusuntha kopanda pake. Munthu akamayenda chimanjamanja, kufunafuna jeke yokokera maphaleti, chidindo, mpeni wodulira pulasitiki kapena kalaliki amene wapita ku ofesi ya pamwamba, kumeneko ndi kuyendayenda kwa wantchito. Kusiyanitsa kumathandiza chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Koyambako kumafuna kusintha malo okhala katundu. Kwachiwiriko nthawi zambiri kumangofuna msomali pakhoma ndi malo odziwika a chida chilichonse, kapena kutsitsa tebulo la kalaliki kuliika pafupi ndi khomo.

Njira imene ndinaona kuti imatsegula maso msanga ndi ya choko. Mumasankha thumba limodzi pathiraki, n'kulilemba chizindikiro, ndipo aliyense wolinyamula amawonjezapo mzere umodzi. Thumba loyenda bwino liyenera kukhala ndi mizere iwiri kapena itatu: kutsika pathiraki kupita pamalo pake, kuchoka pamalo pake kupita pakanta. Lathu linatuluka ndi mizere isanu ndi iwiri. Linatsitsidwa n'kuikidwa pamulu, linagwetsedwa powerenganso, linasunthidwa kuti tifikire ufa wakale umene unali kumbuyo kwake, linatengedwa kupita pamalo osonkhanitsira maoda, linasunthidwanso chifukwa oda yake inatseka ina imene galimoto yake inafika msanga, linabwezedwa, kenako linakwera. Pakati pa zonsezi panali mawu amodzi amene ankamveka tsiku lonse. Wonyamula amafunsa kuti, "Ba kapitawo, tiike kuti?" Kapitawo, maso ali kwina, amayankha kuti, "Ikani chabe apa, tizachosa manje manje." Nthawi iliyonse imene mawu amenewa anenedwa, thumba lapeza mizere ina iwiri. Ndipo thumba la ufa silipirira kunyamulidwa kambirimbiri. Msoko wa pakamwa pake umayamba kumasuka, pakona pamang'ambika, ndipo ufa woyera umene mumauona pansi m'njira za m'shedi ndi umene umakuuzani pamene katundu amatembenuzidwa kwambiri. Wosesa amadziwa malo amenewa kuposa manijala.

Nanga n'chifukwa chiyani panalibe malo? Ndikafika apa ndimaona kuti mitundu isanu ndi iwiri ija si yofanana kukula. Ohno ankati woipitsitsa ndi kupanga zambiri kapena msanga, chifukwa ndi umene umabala inzake. Anthu a m'shedi amati umenewu sutikhudza, popeza ife sitipanga kanthu. Koma timapanga. Timapanga maoda osonkhanitsidwa, mainvoisi osindikizidwa, ndi mathiraki oitanidwa. Chilichonse mwa zimenezi chikachitika nthawi yake isanakwane, chimafuna malo oti chidikirepo.

Kwathu chizolowezi chinali chosonkhanitsa maoda a mawa madzulo a lero, kuti m'mawa makanta angofika n'kukweza. Pakamwa zimamveka zanzeru. Koma maoda a makanta onse akaunjikidwa pafupi ndi khomo limodzi, amene ali kutsogolo ndi amene anasonkhanitsidwa pomaliza, osati amene galimoto yake idzayambe kufika. Usiku eni mashopu amaimba foni kusintha: wina ndalama sizinakwane, wina akufuna rola m'malo mwa bulekifasiti. M'nyengo ya mvula zimafika poipa. Kanyama inakhala pamwala umene uli pafupi kwambiri ndi nthaka, madzi sapita msanga, ndipo mvula ikagwa usiku wonse pali misewu ina imene kanta yodzaza singalowe. Oda ya kumeneko imatsala pakhomo tsiku lonse, mwina masiku awiri, aliyense akuizungulira, ndipo wina akasowa katoni ya sopo yoti akwaniritse oda ina amangotengapo, osalemba. Pofika tsiku lokwera, oda ija yaperewera, ndipo mlandu umagwera onyamula.

Kumbali yolandira n'chimodzimodzi. Wogula katundu wa kampani akamva kuti mtengo wa shuga ukwera, kapena wogulitsa akamuchotserako pang'ono akatenga mathiraki awiri m'malo mwa imodzi, amaitanitsa. Phindu lake limaoneka papepala tsiku lomwelo. Zimene sizioneka papepala ndi shuga wokhala m'malo a ufa, mphindi 45 zija, ndi maphaleti oima m'njira. Wogulayo amakhala mu ofesi ina, ndipo shedi amaiona pakompyuta, pamene manambala sapanikizana.

Katundu wochuluka ali ndi khalidwe limodzi loipa: amabisa mavuto. Aliyense amene anayendapo m'Kanyama mu Januwale amadziwa kuti madzi akadzaza mumsewu, maenje ndi miyala sizioneka, ndipo umangozidziwa utagweramo. Shedi yodzaza mpaka kudenga ilinso choncho. Ngati buku likunena kuti pali matumba 900 koma alipo 860, palibe amene angadziwe, chifukwa oda iliyonse ikukwanirabe. Ngati denga likudontha pakona, mudzadziwa mwezi wamawa pamene mulu wafika pansi. Ngati wogulitsa amachedwa masiku atatu nthawi zonse, palibe amene amamufunsa. Zizindikiro zake zilipo kwa amene akuzifuna. Pitani kumbuyo kwenikweni kwa mulu, pafupi ndi khoma, mupititse chala pamwamba pa katoni. Fumbi la mu Ogasiti likakhala lochindikala pamene kutsogolo makatoni ali oyera, ndiye kuti katundu watsopano akutuluka wakale akutsala. Yerekezani tsiku lotha ntchito la kutsogolo ndi la kumbuyo. Kokani thumba la pansi penipeni muone ngati lauma ngati mwala ndi chinyontho, kapena ngati mwalowa anankafumbwe. Lamulo loti woyamba kulowa akhale woyamba kutuluka aliyense amalidziwa, koma mulu wotsamira khoma uli ndi mbali imodzi yokha yotengerako, ndiye lamulolo silingatheke ngakhale anthu atafuna. Pamafunika kanjira kumbuyo, kapena mizere iwiri yosinthana, wina ukudzazidwa wina ukutha.

Komabe pano ndiyenera kunena mosabisa kuti sindigwirizana ndi amene amabwera ndi chiphunzitso cha Toyota chathunthu n'kunena kuti katundu wosungidwa yense ndi woipa. Mafakitale ambiri opereka zipangizo ku Toyota anali pafupi ndi kampaniyo. Zambia ilibe nyanja. Katundu wochokera kunja amadzera ku Durban, Beira, Dar es Salaam kapena Walvis Bay, n'kudutsa pa Chirundu, Nakonde kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, ndipo thiraki ikhoza kugona pamalire masiku amene palibe anawawerengera. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka patsiku, zigayo ndi mafakitale zinkagwira ntchito modukizaduka. M'nyengo ngati imeneyo munthu wosindikiza mainvoisi a mawa magetsi akadalipo sakuwononga mwaumbuli, akudziteteza. Kusunga katundu wa sabata zingapo wochokera kutali n'kwanzeru. Chofunika n'kusiyanitsa. Shuga wa ku Nakambala ku Mazabuka, kapena ufa wogayidwa mu Lusaka momwemo, safunika kusungidwa mofanana ndi katundu wodzera panyanja. Funso loyenera kufunsa pa mulu uliwonse ndi ili: ukutiteteza ku chiyani, ndipo kwa masiku angati? Ngati alipo woyankha ndi nambala, muluwo uli ndi ntchito. Ngati yankho ndi loti timasunga choncho kuyambira kale, pamenepo pali pofukula.

Mtundu umene unali pafupi kwambiri ndi tebulo langa ndi wa ntchito yopitirira muyeso, ndipo m'shedi umavala malaya a kusamala. Nambala ija ya 1,200 inkalembedwa pa pepala lobwera ndi dalaivala, pa pepala lathu lolandirira katundu, pa khadi lopachikidwa pamulu, m'buku la mlonda, kenako m'kompyuta. Potuluka, katundu ankawerengedwa ndi wosonkhanitsa, ndi woyendera, ndi dalaivala, ndi mlonda pageti. Chilichonse mwa zimenezi chinayamba tsiku lina pamene kanthu kanasowa, bwana n'kuwonjeza munthu wina wowerenga. Koma owerenga akachuluka, aliyense amatsamira mnzake. Woyamba amati wachiwiri aona, wachiwiri amati woyamba waona kale, ndipo mlonda, amene sangakwere pakanta yomangidwa tenti, amangosaina. Kuwerenga kanayi kumachedwetsa galimoto popanda kuchepetsa zosowa.

Kusiyana kwa matumba anayi kuja kunabwera chifukwa tinkawerenga ndi timizere papepala anthu akudutsa mothamanga ndi matumba awiriawiri. Diso likaphethira kamodzi, matumba awiri apita. Njira yabwino ndi yoti kaunjikidwe kawerenge kokha. Pa phaleti mukaika matumba asanu pa mzere uliwonse, mizere isanu ndi itatu kukwera m'mwamba, ndiye matumba 40, tani imodzi ndendende. Thiraki ya matani 30 ndi maphaleti 30. Dalaivala ndi kalaliki akhoza kuima limodzi n'kuwerenga mpaka 30, ndipo ngati pali phaleti yoperewera imaoneka ndi maso. Kuwerenga kumodzi kochitidwa bwino, ndi anthu awiri amene onse asaina nthawi yomweyo, kumaposa kanayi kongodutsa. Si kuyendera konse kumene kuli kopanda pake. Kuona tsiku lotha ntchito ndi kununkhiza ufa polandira n'kofunika, chifukwa pamenepo ndi pomwe mungabweze katundu woipa asanalowe. Chopanda pake n'kubwereza chimene chachitika kale.

Zolakwika ndizo zimaonekera kunja, ndipo zimapweteka anthu amene sanalowepo m'shedi. Matumba a bulekifasiti ndi a rola a chigayo chimodzi amafanana kukula, ndipo m'shedi ya mdima, magetsi atazima, munthu wotopa sasiyanitsa. Makatoni a mafuta a mabotolo osiyana kukula amafanana kunja. Akaikidwa moyandikana, kulakwa kumangodikira tsiku lake. Mayi wina wa kashopu ku Mtendere anandiimbira tsiku lina masana. "Imwe a kalaliki," anatero, "ine ndalipira bulekifasiti, mwanditumizira rola. Makasitomala anga apita kwa aneba. Mawa mukabweretsa, ndalama za lero mudzandibwezera ndinu?" Panalibe chomuyankha chimene chikanamubwezera tsikulo. Mpamba wake wonse unali m'matumba khumi amenewo. Kwa ife kulakwako kunali ulendo wina wa kanta kudutsa pakati pa tauni, mafuta, pepala lobwezera ndalama, matumba obwerera amene analibe malo, n'kuikidwa pakona kudikira woti asankhe chochita nawo. Shedi iliyonse ili ndi kona yotere. Mukafuna kudziwa mmene shedi ikuyendera, pemphani kuti akuonetseni pamene amaika zobwerera, muone kukula kwake ndi tsiku la chakale kwambiri.

Zimanenedwa kuti Ohno ankajambula bwalo ndi choko pansi m'fakitale, n'kuuza injiniya wachinyamata kuti aimemo maola ambiri akungoyang'ana, mpaka ataona chimene chikulakwika. Ambiri amene amatengera nkhaniyi amayang'ana molakwika. Amaima pakona ndi kabuku n'kumaona amene wakhala pansi, amene akucheza, amene wachedwa kuchimbudzi. Onyamula amazindikira msanga, ndipo amayamba kuyenda mofulumira ndi kunyamula zinthu zosafunika kunyamula kuti aoneke otanganidwa. Zikatero woyang'anayo wawonjeza kuwononga kumene anabwera kudzachotsa. Munthu wokhala pansi sindiye vuto, iye ndi chizindikiro chabe chakuti penapake katundu waima. Maso ayenera kukhala pa thumba, pa pepala ndi pa galimoto. Ndipo mafunso ayenera kupita kwa amene amanyamula. Amene anandionetsa kuti ufa uli kutali ndi khomo sanali munthu wa maphunziro a kaizeni. Anali bambo wina wachikulire wa ku George, amene ananyamula matumba zaka zambiri. Ndinamufunsa kuti, "Ba mudala, chimakutopetsani kwambiri n'chiyani muno?" Sanatchule kulemera kwa thumba. Analoza makatoni a makandulo aja n'kunena kuti, "Mwana wanga, awa akhala pakhomo ngati ndi amene amadyetsa Lusaka." Anali atazidziwa kalekale, koma panalibe amene anamufunsapo.

Zimene tinasintha zinali zochepa ndipo sizinafune ndalama zambiri. Ufa, shuga ndi mafuta zinabwera pafupi ndi khomo, zoyenda pang'onopang'ono zinapita kumapeto. Tinagawa khomo ndi nthawi: m'mawa mpaka 09:30 ndi la makanta, ndipo mathiraki akuluakulu tinawapempha kuti azifika itakwana nthawi imeneyo, malo awo atakonzedwa dzulo lake. Pansi tinajambula mizere ya penti, njira iliyonse ndi malo ake, Kanyama, Matero ndi George, Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere, ndipo oda sinkasonkhanitsidwa kufikira mwini wake atatsimikiza ndi dalaivala atanena kuti msewu ukupitika. Sizinayende zonse. Thiraki yochokera kumalire simungaiuze ola lofikira, ndipo kumapeto kwa mwezi, ogulitsa akamathamangitsa manambala awo, mizere ya penti inkakwiririka ndi katundu ngati kale. Koma ufa ukakhala mamita 10 kuchokera pakhomo m'malo mwa 40, makilomita 6 aja amatsika kufika kilomita imodzi ndi theka, ndipo zimenezo msana wa munthu umazimva tsiku lomwelo.

Pali mbali imodzi imene maphunziro ambiri a nkhaniyi amailumpha, ndipo ine imandivutitsabe. Anyamata a ganyu ambiri amalipidwa potengera ntchito imene yaoneka: thiraki yotsitsidwa, mulu wosunthidwa. Shuga uja atafunika kuchotsedwa m'malo a ufa, kwa kampani kunali kuwononga, koma kwa iwo inali ganyu ina, ndalama ya ndiwo. Mizere isanu ndi iwiri ya pathumba ikatsika kufika itatu, mizere inayi imene yachokayo inali chakudya cha munthu wina ku Kanyama. Onyamulawo amadziwa zimenezi bwino kwambiri, n'chifukwa chake ena amakhala chete mukawafunsa pamene pali kuwononga. Si kuuma mutu. Munthu sangakuthandizeni kufufuza chinthu chimene chikapezeka iye agona ndi njala.

Choncho mwini shedi amene akufuna kuti anthu ake amuonetse zoona ayenera kuyamba wanena chimene chidzachitike ndi phindu lake. Ndalama zimene zapulumuka n'zenizeni: maola a thiraki, matumba osang'ambika, maulendo a kanta osabwerezedwa. Gawo lina la zimenezo likhoza kukweza mtengo wa ganyu pa tani iliyonse yolowa ndi yotuluka, kuti wonyamula apeze zomwezo kapena zoposa ndi maulendo ochepa. Likhozanso kulipira maola amene gulu laitanidwa n'kukhala pampanda kudikira thiraki imene sinakonzeredwe malo, chifukwa kudikira kukayamba kulipiridwa ndi kampani, kampaniyo imafulumira kukuchotsa. Kwathu mtengo wa pa tani unakwezedwako pang'ono patapita miyezi, titakambirana kwambiri. Za maola odikira abwana anakana, ndipo mpaka pamene ndinkachoka pantchitopo anyamata aja ankafikabe 06:00 kudzayembekezera thiraki ya 09:30, poopa kuti akachedwa kapitawo atenga ena pageti.